WhatsApp, Facebook kapena TikTok: mwini shopu yaing'ono ku Mangochi asankhe pati?

Mwini shopu amene amakhala yekha pakauntala, foni ndi imodzi, ndipo ndalama ya bandulo imachoka m'thumba lomwelo looderamo katundu, sangakwanitse kutumikira masamba atatu nthawi imodzi. Akayesa, onse atatu amagona: Facebook imakhala ndi chithunzi cha miyezi inayi yapitayo, TikTok ili ndi kanema mmodzi, pa WhatsApp mauthenga a makasitomala akudikira kuyambira dzulo. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Sankhani tsamba limodzi loti likhale pogulitsira penipeni, ndipo ngati nthawi ilipo, lina lachiwiri longoitanira anthu. Kwa eni mashopu ambiri kuno, kuyambira pa Boma, M'baluku, Makawa, Namwera mpaka ku Monkey Bay, tsamba loyambalo limakhala WhatsApp Business. Koma musatengere mawu athu okha. Pali njira yodziwira nokha, ndipo imafuna kope, bolopeni ndi milungu isanu.

Tikhala tikuyerekeza ndi shopu imodzi kuti masamu ake aoneke. Tinene kuti ndi ya mayi wogulitsa zitenje, mipango, madiresi ataliatali ndi nsapato za ana pafupi ndi msika wa M'baluku. Foni yawo ndi itel kapena Tecno yotsika mtengo, amatsegula 7 koloko m'mawa n'kutseka dzuwa likamalowa. Mitengo imene titchule ndi yongoyerekeza. Inu muikemo yanu.

Mlungu woyamba: funsani anthu amene amakupatsani ndalama kale

Musayambe ndi kufunsa kuti tsamba lotchuka ndi liti. Kutchuka kwa TikTok pakati pa ana a sekondale sikukukhudzani ngati ogula anu ndi amayi a zaka makumi anayi. Tengani kope, jambulani mizere inayi, ndipo kwa masiku asanu ndi awiri aliyense amene wagula mumfunse mafunso atatu pomupatsa chenji: ali ndi foni ya WhatsApp, kaya yake kapena ya m'nyumba? Amagula bandulo yanji kawirikawiri? Facebook kapena TikTok anatsegula liti komaliza? Mzere wachinayi lembani kumene wachokera.

Funso la bandulo ndi limene anthu ambiri amalilumpha, chonsecho ndi lolemera kuposa onse. Airtel ndi TNM amagulitsa mabandulo a masamba amchezo okhaokha, otsika mtengo kuposa bandulo yotsegula intaneti yonse, ndipo anthu ambiri amakhalira amenewo. Munthu amene wagula bandulo ya WhatsApp yokha sangaone kanema wanu wa pa TikTok ngakhale mutamutumizira linki. Akaidina imangozungulira, kapena imayamba kudya mayunitsi ake, n'kukukwiyirani. Choncho tsamba loyenera ndi limene bandulo ya kasitomala wanu imafikako, osati limene bandulo yanu imafikako. Zimene zili m'mabandulowa zimasinthasintha, ndiye onani pa menyu ya kampani yanu kuti panopa bandulo iliyonse ikutsegula masamba ati.

Tinene kuti mayi athu afunsa anthu 40. Mwa iwo 26 ali ndi WhatsApp, 11 amatsegula Facebook kamodzi kapena kawiri pa mlungu, 5 amaonera TikTok, ndipo 14 ali ndi kafoni ka mabatani kapena alibe n'komwe. Apa nkhani yatha kale theka. Anthu 14 aja musawataye: amenewo ndi oimbira foni kapena kuwatumizira uthenga wamba katundu akafika.

Pali gulu lina la ogula limene silifika pakauntala koma ku Mangochi ndi lalikulu: abambo ndi anyamata amene ali ku Joni. Mkazi amadzasankha chitenje, koma wolipira ali ku Johannesburg kapena ku Cape Town, ndipo amafuna kuona chinthucho asanatumize ndalama pa Mukuru kapena njira ina. Pafupifupi onsewa amalankhula ndi kumudzi pa WhatsApp. Mukamva kasitomala akunena kuti “ndiwafunse kaye bambo ake,” lembani chizindikiro m'kope. Zizindikirozo zikachuluka, WhatsApp yapambana popanda kupikisana.

Yang'anani katundu wanu ndi kutalika kwa dzanja lanu

Funso lachiwiri ndi lakuti katundu wanu angayende mtunda wautali bwanji phindu lisanathe. Wogulitsa shuga, sopo, mchere ndi mafuta ophikira ogula ake ndi a m'mudzi momwemo; palibe amene angachoke ku Namwera kudzagula paketi ya shuga pa Boma chifukwa waiona pa Facebook. Kwa golosale, ntchito ya foni ndi imodzi: kudziwitsa anthu oyandikana nawo kuti chinthu chosowa chafika, ndi mtengo wake. Status ya WhatsApp imakwanira, ndipo china chilichonse ndi kutaya nthawi.

Zitenje, nsapato, mafoni, zida za sola ndi usipa wouma wa m'matumba ndi nkhani ina. Izi zimatha kukwera minibasi kupita ku Liwonde, ku Zomba kapena ku Blantyre, phindu n'kutsalabe. Apa Facebook ili ndi ntchito, chifukwa imakuonetsani kwa anthu amene sakukudziwani, chinthu chimene WhatsApp singachite. Koma kugulitsa kwenikweni kumakathera pa WhatsApp pomwepo: kukambirana mtengo, kutumiza chithunzi china, kuuzana nambala ya minibasi.

Instagram ndi ya ogulitsa ziboliboli, mikanda ndi zojambula kwa alendo a ku Cape Maclear. Ngati ogula anu si alendo akunja kapena a m'tauni, idutseni.

Yezani deta, musaganizire

Kusiyana kwa masambawa pa deta n'kwakukulu kuposa mmene ambiri amaganizira, ndipo gwero lake ndi kanema. Chithunzi chotumizidwa pa WhatsApp mwa nthawi zonse, osadina HD, chimapanikizidwa n'kutsala pafupifupi 100 mpaka 200 KB. Ndiye kuti MB imodzi imanyamula zithunzi zisanu kapena kuposa. Uthenga wa mawu wa mphindi imodzi nawo sufika kotala la MB. Mawu olemba sitiwerengera n'komwe. Koma kanema wa masekondi 30 wojambulidwa ndi kamera ya foni amatha kulemera MB 30 kapena kuposa asanapanikizidwe, ndipo ola limodzi loonera TikTok limatha kudya ma MB mazana angapo.

Tiwerengere mayi athu. Zithunzi zisanu pa Status tsiku lililonse ndi MB imodzi. Zithunzi khumi zotumizira ofunsa kapena zolandira kwa iwo ndi MB ziwiri. Mauthenga a mawu okwana mphindi khumi ndi MB ziwiri. Pamodzi MB zisanu pa tsiku, pa mwezi 150 MB. Muwirikize kawiri chifukwa cha masiku otanganidwa, mufika 300 MB. Ntchito yonse ya shopu pa WhatsApp ndi imeneyo. Pa TikTok, makanema atatu pa mlungu ndi makanema khumi ndi awiri pa mwezi, pafupifupi 400 MB kungowakweza, musanaonere ngakhale mmodzi wa anthu ena. Ndipo simungapange makanema ogwira mtima osaonera a ena, chifukwa nyimbo ndi kachitidwe kamene kakuyenda kamasintha mlungu ndi mlungu.

Nanga bwanji bandulo ya WhatsApp imatha msanga kwa anthu ambiri? Si malonda amene amaidya. Ndi makanema a m'magulu a banja, a mpingo, a mzikiti ndi a mpira amene amadzitsitsa okha, komanso kuonera Status za anzanu. Tsekani zimenezo lero. Mu WhatsApp pitani pa Settings, kenako Storage and data, pansi pa Media auto-download dinani When using mobile data n'kuchotsa zizindikiro zonse. Pomwepo pali Network usage, pamene pamaonetsa ma MB amene mwatumiza ndi kulandira. Dinani Reset statistics Lolemba m'mawa, mudzaonenso Lamlungu madzulo, mudziwe nambala yanu yeniyeni ya pa mlungu. Mu Play Store tsekaninso zoti mapulogalamu azidzikonza okha pa deta, chifukwa bandulo ya masamba amchezo silipira zimenezo. Zimatenga ku mayunitsi.

Batire nalo liwerengereni. Kujambula ndi kukonza kanema kumatenthetsa foni yotsika mtengo ndi kumaliza moto msanga, ndipo magetsi akathima tsiku lonse, foni yomweyo ndi imene mukulandirira ndalama za Airtel Money kapena Mpamba. Foni ya 16 kapena 32 GB imadzazanso msanga ndi makanema, n'kuyamba kukana kulandira zithunzi za makasitomala.

Sinthani bandulo kukhala katundu

Ndalama ya bandulo muziiona ngati katundu amene muyenera kugulitsa kuti ibwere. Tinene kuti pa chitenje chimodzi mayi athu amapindula K1,500, ndipo bandulo ya mwezi yokwanira WhatsApp ndi K4,500. Zitenje zitatu zabweza bandulo. Chachinayi ndi phindu. Ngati kuti achite TikTok afunika bandulo ya K15,000, zitenje khumi zikupita ku deta yokha, ndipo ziyenera kukhala zitenje zimene sakanagulitsa popanda TikTok. Mwa anthu asanu aja a m'kope, zitenje khumi pa mwezi sizingatuluke.

Nthawi nayo ili ndi mtengo. Kuika zithunzi zisanu pa Status ndi mphindi khumi, ndipo mungazichite muli pakauntala. Kanema wabwino mmodzi, kujambula, kubwereza, kudula ndi kuika mawu, amadya ola, ndipo ola limenelo simungathe kutumikira kasitomala.

Za kulipira Facebook kuti ifalitse uthenga wanu, batani lija lolembedwa Boost post, tinene mwachidule: pa ndalama yochepa musayambire pamenepo. Pamafunika khadi la banki lololedwa kulipira kunja, ndipo ndi kusowa kwa ndalama zakunja, makamaka chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, makhadi ambiri amakanidwa kapena ali ndi malire ochepa. Pali anthu amene amalonjeza kukulipirirani inu mukawapatsa makwacha. Ena ndi oona, koma amene akupempha pasiwedi yanu ya Facebook kuti achite zimenezi, mkaneni.

Kukonza WhatsApp Business kuti igwire ntchito

WhatsApp Business ndi pulogalamu ina, yosiyana ndi WhatsApp wamba, ndipo ndi yaulere pa Play Store. Itsitseni pa Wi-Fi kapena pa bandulo ya intaneti yonse. Nambala imodzi singakhale pa mapulogalamu onse awiri nthawi imodzi. Ngati makasitomala akudziwa kale nambala yanu, isamutsireni ku Business. Pulogalamuyo imakufunsani ngati mukufuna kusamutsa mauthenga akale, koma sungani kaye pa Chat backup. Ngati foni ili ndi malo a masimu awiri, ndi bwino shopu ikhale ndi nambala yakeyake, yolembetsedwa m'dzina lanu ndi chiphaso chanu, ndipo yomweyo ikhale yolandirira ndalama. Wogula akamatumiza ndalama amaona dzina la mwini nambala. Likasiyana ndi limene akukudziwani nalo, ambiri amabwerera.

Musagwiritse ntchito GB WhatsApp kapena ena ofanana naye amene anyamata okonza mafoni amaika. Si a kampani ya WhatsApp, ndipo nambala imatha kutsekedwa, makasitomala onse n'kukusowani tsiku limodzi.

Mukalowa, lembani dzina la shopu, maola otsegulira, ndi malo mmene munthu wa kuno angawapezere: “mukawoloka mlatho kuchokera pa Boma, musanafike pamsika, dzanja lamanja, shopu ya chitseko chobiriwira.” Mawu oterewa amathandiza wakabaza kuposa mapu. Chithunzi cha pa nambala chikhale cha kumaso kwa shopu, kuti munthu akafika aizindikire.

Kenako Catalog, malo oonetsera katundu ndi zithunzi zake, pansi pa Business tools. Imalola katundu wokwana 500, koma inu ikani khumi kapena khumi ndi asanu amene amayenda kwambiri, aliyense ndi mtengo wake. Mukaika ambiri simudzatha kusintha mitengo ikakwera, ndipo palibe chimene chimayambanitsa ngati kasitomala kubwera ndi mtengo wakale umene wauona pa foni yanu yomwe. Pa Quick replies sungani mayankho atatu amene mumabwereza tsiku lililonse: malo a shopu, nambala yolipirira ndi dzina lake, ndi mmene mumatumizira katundu kutali. Mukalemba chizindikiro cha `/` pokambirana, mayankhowo amatuluka, mumangodina.

Chomaliza pa kukonzaku, chimene simuyenera kuchisiyira mawa: Settings, Account, Two-step verification. Ikani nambala yachinsinsi ya manambala asanu ndi imodzi. Akuba amaimba kapena kulemba kuti atumiza kodi pa foni yanu molakwitsa, n'kupempha kuti muwauze. Kodiyo ndi yotsegulira WhatsApp yanu pa foni yawo, ndipo akalowa amayamba kupempha ndalama kwa makasitomala anu m'dzina lanu. Kodi yobwera pa uthenga musauze munthu aliyense.

Chimene chimalepheretsa ambiri: manambala osasungidwa

Apa ndi pamene eni mashopu ambiri amagwa, n'kumati WhatsApp sigulitsa. Status yanu imaonedwa ndi munthu amene inu mwasunga nambala yake, iyenso wasunga yanu. Mbali imodzi yokha sikwanira. Mungakhale ndi manambala mazana atatu m'foni, koma ngati eni ake sanakusungeni, zithunzi zanu zikuonedwa ndi achibale anu okha. Chimodzimodzi uthenga wopita kwa anthu ambiri nthawi imodzi, wa New broadcast: mndandanda umodzi umatenga anthu 256, koma umafika kwa okhawo amene anasunga nambala yanu. Mukaona kuti uthenga woterewu wopita kwa munthu wina wakhala ndi kachizindikiro kamodzi masiku angapo pamene iye akuoneka pa intaneti, nthawi zambiri ndiye kuti sanakusungeni.

Choncho ntchito yaikulu ichitikire pakauntala. Musangopereka nambala kuti akasunge kunyumba, sadzasunga. Nenani kuti: “Mayi, sungani nambala ya shopu pompano, katundu watsopano akafika muzimuona muli kunyumba.” Akasunga, akutumizireni moni pomwepo, inu musunge yake ndi dzina, malo ndi chimene amakonda: dzina lake, kenako “Malindi madiresi”. Anthu atatu pa tsiku ndi anthu oposa 70 pa mwezi. Lembaninso nambalayo ndi zilembo zikuluzikulu pakhoma la shopu ndi pa kapepala koika m'jumbo.

Musalowetse anthu m'gulu osawapempha. Gulu la shopu limaoneka ngati njira yachidule, koma limaonetsa manambala a amayi kwa anthu osawadziwa, ena amayamba kuikamo malonda awo ndi makanema odya bandulo, anthu n'kumatuluka mmodzimmodzi. Choopsa china, anthu angapo akadina Report kapena Block chifukwa cha mauthenga osawapempha, WhatsApp imatha kutseka nambala. Kugula mndandanda wa manambala n'kumawatumizira malonda kumathera komweko.

Zoika pa Status, ndi nthawi yake

Status imakhala maola 24 n'kufufutika, ndiye imafuna kuikapo tsiku lililonse, koma pang'ono. Zithunzi zitatu mpaka zisanu zakwana. Munthu akaona timizere makumi awiri pamwamba pa Status yanu amadziwa kuti bandulo yake ili pangozi, amadutsa, ndipo akatopa amabisa Status yanu inu osadziwa.

Jambulani panja pamthunzi, m'mawa dzuwa lisanakwere, mutapukuta galasi la kamera. M'kati mwa shopu ya malata kuwala kumasintha mtundu wa nsalu, chofiira n'kuoneka ngati chofiirira, ndipo mkangano umabwera katundu atafika kale ku Zomba. Chinthu chimodzi pa chithunzi chimodzi, mtengo ulembedwe pomwepo, ndi kuchuluka kwa zimene zatsala ngati zilidi zochepa. Chizolowezi cholemba kuti mtengo tikambirane kumbali chimakuonjezerani ntchito: anthu khumi afunsa mtengo, asanu ndi atatu sabweranso, inu mwataya theka la ola. Musatenge zithunzi za pa intaneti kapena za amene mumaodako ngati katundu wanu sali chimodzimodzi.

Nthawi yabwino imadziwika poyesa. Pansi pa Status pali kadiso kosonyeza amene aona. Mlungu umodzi ikani cha m'ma 6 koloko m'mawa, wina cha m'ma 7 koloko madzulo anthu atamaliza ntchito ndi kuphika, muyerekeze. Nambalayo imatsika pang'ono kuposa yeniyeni chifukwa amene anatseka Read receipts saoneka, koma ikukwanirani kusiyanitsa.

Ambiri mwa ogula kuno amamasuka m'Chiyao, ndipo ena kuwerenga kumawavuta. Munthu akakutumizirani uthenga wa mawu, muyankheninso ndi mawu, m'chilankhulo chimene walankhula. Koma mtengo, nambala yolipirira ndi tsiku lotumiza katundu muzilembanso, kuti pakhale umboni ngati mwasemphana. Apa WhatsApp imaposa Facebook kutali, chifukwa munthu wosadziwa kulemba amatha kugula popanda kupempha mwana kuti amulembere.

Facebook ngati khomo lachiwiri

Ngati katundu wanu ndi woyenda kutali, onjezani Facebook pakatha mwezi, WhatsApp itakhazikika. Ikani Facebook Lite, osati yaikulu ija. Ndi yopepuka pa foni ndipo imapirira netiweki yofooka ngati ya kumadera a ku Makanjira. M'makonzedwe ake tsekani zoti makanema azidziyambira okha.

Tsamba la shopu, limene Facebook imalitcha Page, likhalepo kuti munthu akakufufuzani akupezeni, koma musayembekezere zambiri kwa ilo. Facebook sionetsa uthenga wa tsamba kwa onse amene analikonda. Imasankha ochepa, ndipo tsamba latsopano limatha kukhala milungu likulankhula lokha. Anthu ali m'magulu ogulitsana ndi kugula. Fufuzani dzina la Mangochi ndi la matauni amene mumatumizako katundu, musankhe magulu awiri kapena atatu. Musakopeke ndi kuchuluka kwa mamembala. Onani mauthenga a dzulo ndi dzana ngati pali anthu ofunsa mitengo. Gulu limene aliyense akungoika malonda popanda woyankha ndi lakufa. Ikani kawiri pa mlungu, osati uthenga umodzimodzi m'magulu khumi nthawi imodzi, chifukwa Facebook imatha kukuimitsani masiku angapo.

Uthenga uliwonse uthere ndi njira yopitira ku WhatsApp. Linki yake imalembedwa chonchi, nambala yoyamba ndi 265, yopanda ziro wakutsogolo ndi chizindikiro cha `+`:

```
https://wa.me/265XXXXXXXXX
```

Munthu akaidina amalowa molunjika pokambirana nanu. Lembaninso nambalayo payokha, chifukwa mabandulo ena satsegula malinki.

Wogula wa pa Facebook ndi mlendo, ndiye samalani ndi malipiro. Chithunzi cha uthenga wosonyeza kuti watumiza ndalama si ndalama, ndipo uthenga wamba wochokera pa nambala ya munthu umatha kulembedwa mofanana ndi wa kampani. Onani ndalama zimene zili mu akaunti nokha, pa `*211#` ngati ndi Airtel Money, pa `*444#` ngati ndi Mpamba, katundu asanakwere galimoto. Mukapereka kwa kondakitala, jambulani katunduyo ndi nambala ya galimoto, mutumizire wogula pamodzi ndi nambala ya foni ya kondakitalayo.

TikTok ili ndi ubwino umodzi weniweni: imatha kuonetsa kanema wa munthu wosadziwika kwa anthu zikwizikwi. Koma ambiri mwa iwo angakhale ku Lilongwe, ku Mzuzu kapena kunja, ndipo kuonera si kugula. Ndi yoyenera ngati zinthu zitatu zilipo pamodzi: phindu pa chinthu chimodzi ndi lalikulu, monga madiresi a ukwati kapena mipando, mumatumiza kale katundu kutali, ndipo m'nyumba muli wachinyamata wodalirika amene amaidziwa kale ndipo ali ndi nthawi. Chimodzi chikasowa, dikirani.

Milungu inayi yoyesa, ndi mmene mungawerengere zotsatira

Bwererani ku kope. Kwa milungu inayi, aliyense wogula mumfunse kuti chinthucho anachiona kuti, ndipo mulembe chilembo chimodzi pambali pa malondawo: W ngati ndi WhatsApp, F ngati ndi Facebook, K ngati anangofika pakhomo. Musawerenge okonda chithunzi kapena oyamikira, werengani ndalama. Sankhaninso mwezi wamba woyesera. Masiku oyandikira Idi zovala zimayenda zokha ndipo tsamba lililonse limaoneka lamphamvu, pamene nyanja ikatsekedwa chakumapeto kwa chaka kapena mwera ukalimba, ndalama za asodzi zimachepa ndipo tsamba lililonse limaoneka lolephera.

Tinene kuti pomaliza mayi athu ali ndi W 14 ndi F 3. Pa K1,500 chimodzi, WhatsApp yabweretsa K21,000 pa bandulo ya K4,500. Koma afufuze bwino: mwa 14 aja, ena akanabwerabe okha. Ngakhale atachotsa theka, K10,500 ikuposabe bandulo kawiri. Facebook yabweretsa K4,500. Ngati inafuna bandulo yoonjezera ya K3,000 ndi maola awiri pa mlungu, chotsala ndi K1,500 pa maola asanu ndi atatu. Imeneyo aichepetse, aziika kamodzi pa mlungu katundu wodula yekha, pokhapokha ngati atatu aja ndi ooda amene adzabweranso kudzatenga zitenje zambiri. Zikatero nambala zawo zisungidwe pa WhatsApp, ndipo Facebook yagwira ntchito yake.

Zotsatira zikakhala zofooka, manambala amakuuzani pamene pavuta. Oona Status akakhala ochepa, osafika makumi awiri pamene m'foni muli manambala mazana, vuto ndi kusasungana, bwererani pakauntala. Oona akakhala ambiri koma ofunsa palibe, vuto ndi chithunzi, mtengo wosalembedwa, kapena mukuika katundu yemweyo tsiku ndi tsiku. Ofunsa akakhala ambiri koma ogula ochepa, onani nthawi imene mumatenga kuyankha. Munthu wa bandulo ya tsiku limodzi akafunsa 10 koloko m'mawa inu n'kuyankha usiku, mwina bandulo yake yatha kale, ndipo adzaona yankho lanu pakapita masiku atatu atagula kwina. Ikani nthawi zitatu zokhazikika zoyankha, m'mawa, masana ndi madzulo, muzilembe pa Away message, uthenga umene umayankha wokha inu mulibe, kuti wofunsa adziwe nthawi yoyembekezera, ndipo amene akuoneka kuti watsimikiza kugula muimbireni foni wamba osadikira kuti abwerenso pa intaneti.